Khutu Liwerenge, Manja Asoke

Mlamu wanga ndi telala. Ali ndi makina ake opalasa ndi mapazi pakhonde la sitolo ina ku Lunzu, ndipo chaka chino akubwereza mayeso a MSCE chifukwa Bayoloje ndi Masamu zinamukana ulendo woyamba. Amaphunzira pasukulu ya madzulo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka amakhala ali pamakina, akafika kunyumba pali ana ndi moto wofuna kusonkha, ndiye nthawi yotsegula kope imapezeka tulo tafika kale m'maso. Tsiku lina anandipeza ndikusita zovala foni ili pazenera, ikundiwerengera nkhani yayitali ya m'nyuzipepala. Anaima pakhomo, kumvetsera pang'ono, kenako n'kufunsa: "Alamu, kodi imeneyi singandiwerengereko manotsi anga ndikamasoka?"

Ndinamuuza kuti ingathe, ndipo sindinaname. Foni iliyonse yamakono ili ndi liwu lotha kuwerenga mokweza zolembedwa zimene mwaipatsa. Linaikidwamo makamaka poganizira anthu osaona ndi ovutika kuwerenga, koma palibe amene analetsa ife ena kuligwiritsa ntchito. Madzulo omwewo tinamutchera zonse. Patangotha sabata imodzi anabwera ndi siketi ya yunifolomu ya mwana wa kasitomala, yodulidwa moperewera mainchesi awiri m'chiuno, ndipo nditamufunsa zimene anamva pa mutu wa kayendedwe ka magazi, anangoseka. "Mzunguyo amayankhula tsiku lonse, alamu, koma mukandifunsa kuti wati chiyani, ine ndangogwirapo zoti pali mtima."

Nsalu inawonongeka, Bayoloje osalowa. Foni inalibe mlandu. Tinalakwitsa zinthu ziwiri, ndipo n'zimene ambiri amalakwitsa: tinaipatsa manotsi olembedwera maso, ndiponso tinaiyatsa pa ntchito imene imalimbirana malo ndi khutu.

Tiyambe ndi chachiwiricho, pakuti n'chimene chimagamula ngati njirayi ingakuthandizeni kapena ayi. Mu 1974, akatswiri awiri a ku Britain, Alan Baddeley ndi Graham Hitch, anafotokoza mmene ubongo umasungira zinthu kwa kanthawi pamene tikugwira ntchito. Iwo anati mawu ali ndi kankhokwe kawo, zooneka ndi maso zilinso ndi kawo. Kankhokwe ka mawuko n'kakang'ono kwambiri, kamasunga zimene munthu angatchule m'masekondi awiri okha kapena kuposera pang'ono. Mukamabwereza nambala ya foni chamumtima kuti musaiwale musanailembe, ndi kameneko mukugwiritsa ntchito. Tsono mawu amene akulowa kukhutu, mawu amene mukuwerenga ndi maso, ndi manambala amene mukuwerengera mumtima, zonsezi zimapanikizana pakhomo limodzi.

N'chifukwa chake mlamu wanga anadula siketi molakwika. Anayeza m'chiuno, anagwira nambala mumtima kuti akaijambule ndi choko pansalu, ndipo m'kamphindi kameneko liwu la m'khutu linali likutchula manambala akeake a m'manotsi. Imodzi inakankha inzake. Koma akamapenderera chitenje, msoko wowongoka umene wausoka kambirimbiri, maso ndi mapazi zimadziyendera zokha, ndipo khomo la mawu limakhala lopanda wodutsapo. Pamenepo ndiye khutu lingawerenge.

Choncho musanatchere foni, yambani mwaigawa ntchito yanu. Kuchapa, kusita, kupalira, kusankha mtedza, kutong'ola chimanga, kukolopa, kuyenda wapansi kupita kuntchito, kusokerera mabatani: zonsezi zimagwirizana ndi kumvetsera. Kuyeza, kuwerengera chenje, kulemba lisiti, kuyankha uthenga, kukambirana mtengo ndi kasitomala: izi zimadya mawu, ndipo mukaziphatikiza ndi liwu la foni, chimodzi chivulala. Anthu a muofesi amene amati amamvetsera malipoti uku akuyankha makalata pakompyuta, ine sindiwakhulupirira. Liwu limamveka ndithu, koma limangodutsa ngati wailesi ya m'minibasi. Ndipo pali ntchito zina zimene sizifuna n'komwe kukambirana. Woyendetsa kabaza, wogwira ntchito pachigayo, wocheka matabwa ndi makina, makutu awo ali kale pa ntchito yowateteza.

Kutchera foni

Gawo ili n'losavuta, tidutsapo msanga. Pafoni ya Android lowani mu Settings, kenako Accessibility, mupeze Text-to-speech output. Mafoni amasiyana kaikidwe ka zinthu, ndiye mukasochera ingolembani mawu omwewo pamalo ofufuzira a mu Settings. Mmenemo mumasankha chiyankhulo ndi liwiro. Chofunika kwambiri n'kulowa pa Install voice data n'kutsitsiratu liwulo kuti likhale m'foni mwenimweni. Mukatero liziwerenga popanda intaneti, osadya bandulo. Mukadumpha sitepe imeneyi, mudzadabwa tsiku lina liwu litasintha kapena litangoti zii netiweki itathawa.

Mu Accessibility momwemo muli Select to Speak, imene imawerenga zimene zili pasikirini. Imathandiza pa ndime imodzi kapena ziwiri, koma kwa munthu amene manja ake ali pa ntchito ndi yotopetsa, chifukwa imafuna kuigwiragwira. Pa nkhani zazitali za pa intaneti, Chrome ili ndi Listen to this page pa masamba ambiri. Pa manotsi ndi mafayilo a PDF kapena a Word, pamafunika pulogalamu yowerenga fayilo yonse sikirini ili yozima, foni ili m'thumba. Imodzi yodziwika ndi @Voice Aloud Reader. A iPhone ali ndi Speak Screen mu Accessibility, imene imayamba mukatsetsereka ndi zala ziwiri kuchokera pamwamba pa sikirini. Pakompyuta, Microsoft Edge imawerenga tsamba kapena PDF mukadina Ctrl+Shift+U, ndipo Word ili ndi Read Aloud pansi pa Review.

Vuto limodzi lofala: liwu limawerenga bwinobwino, sikirini ikazima n'kudukiza patapita mphindi zochepa. Kawirikawiri ndi foni imene ikupha pulogalamuyo pofuna kusunga batire. Pitani pa zokhudza batire za pulogalamuyo muilole kugwira ntchito mosaletsedwa.

Manotsi a maso ndi manotsi a khutu

Apa ndiye pagona nkhani. Manotsi a mlamu wanga a mutu wa kayendedwe ka magazi anali masamba 14, otumizidwa pagulu la WhatsApp la kalasi yawo. Choyamba chimene tinapeza n'chakuti masamba ena foni inkangowadumpha, osatchulapo kanthu. Anali zithunzi. Wina anajambula kabuku ndi kamera n'kukasandutsa PDF, ndiye kwa ife panali zilembo koma kwa foni panali chithunzi ngati cha ukwati. Kudziwa kwake n'kosavuta: dinikizani chala pa liwu limodzi la patsambalo. Likadetsedwa n'kukupatsani mwayi wokopera, ndi zolembedwa zenizeni. Likapanda kugwirika, ndi chithunzi, ndipo muyenera kuyamba mwachitembenuza. Google Lens imachita zimenezi tsamba limodzilimodzi. Pakompyuta, mukaika fayiloyo mu Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs, imayesa kutulutsa zilembo za fayilo yonse. Zotulukazo muziwerenge kaye ndi maso. Tsamba lopindika, lamthunzi kapena lolembedwa pamanja limabala zilembo zosokonekera, ndipo liwu la foni silichita manyazi: limawerenga zolakwikazo molimba mtima chimodzimodzi ndi zolondola.

Titamaliza zimenezo tinakhala pansi tonse awiri, kope m'manja, kumvetsera tsamba loyamba uku tikulitsatira ndi maso. Ndikulimbikitsa aliyense kuchita zimenezi kamodzi, chifukwa m'pamene umaona mmene liwulo limapunthwira. Pamwamba pa tsamba lililonse panali dzina la phunziro ndi kalasi, pansi nambala ya tsamba, ndipo foni inkaziwerenga pakati penipeni pa chiganizo, ulendo 14. Pamene manotsi ankati taonani chithunzi chakutichakuti, liwu linkatchula zimenezo n'kupitirira, chithunzi cha mtima chimene chinanyamula theka la phunzirolo osachiona. Gulu la magazi la AB linkatchulidwa nthawi zina ngati liwu limodzi. Zidule za mawu zina linkazitambasula bwino, zina ayi.

Choipitsitsa chinali tebulo loyerekeza mitundu iwiri ya mitsempha, yochotsa magazi kumtima ndi yobweza magazi kumtima. Papepala ndi looneka bwino: mizati iwiri, mizere isanu. Diso limatsika mzati umodzi, kudumphira winawo, kubwerera pamutu kukaona kuti tikunena za uti. Khutu silingadumphe choncho. Foni inawerenga mzere ndi mzere, ndipo zimene zinamveka, tikaziika m'Chichewa, zinali ngati izi: khoma, lochindikala, lopyapyala, njira, yopapatiza, yotakata, mavavu, palibe, alipo. Pofika pa mzere wachitatu munthu waiwala kale kuti woyamba kutchulidwa ndi mtsempha uti. Masamu ndiye musayese n'komwe. Ngakhale kafomula kodziwika ka shuga, C6H12O6, kamamveka ngati nambala ya galimoto.

Mankhwala ake ndi kulembanso manotsiwo kuti akhale a khutu, ndipo ntchito imeneyi singaperekedwe kwa wina. Mlamu wanga anaichita Lamlungu masana, akutaipa pafoni, ndipo inamutengera pafupifupi maola atatu. Anachotsa mitu yobwerezabwereza ndi manambala a masamba. Tebulo analisandutsa ziganizo zathunthu, chilichonse chotchula mwini wake: mitsempha yochotsa magazi kumtima ili ndi khoma lochindikala chifukwa magazi amadutsamo ndi mphamvu yaikulu, mitsempha yobweza magazi ili ndi khoma lopyapyala ndiponso mavavu oletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Chithunzi cha mtima anachisandutsa ulendo, kutsatira dontho limodzi la magazi kuchokera m'thupi, kulowa chipinda chapamwamba cha kumanja, kutsikira chapansi, kupita kumapapo, kubwerera kumanzere, n'kutulukanso kupita m'thupi. Zilembo za magulu a magazi anazilekanitsa ndi mpata kuti zizitchulidwa chimodzichimodzi. Anathira mipumiro yambiri, chifukwa liwulo limapuma pamene laona mpumiro basi. Chiganizo cha mizere inayi limachithamanga osameza malovu. Zonsezi anazilemba m'Chingerezi, poti mayeso a MANEB a phunziroli amabwera m'Chingerezi.

Ndikuganiza kuti maola atatu amenewo ndi amene anamuphunzitsa kwambiri kuposa kumvetsera konse kumene kunatsatira. Munthu sungasandutse tebulo kukhala chiganizo usanalimvetse. Pomwe anakakamira, monga pa mtsempha wopita kumapapo umene umachotsa magazi kumtima koma magaziwo ali opanda okosijeni wokwanira, m'pomwe anadziwa kuti ayenera kukafunsa aphunzitsi.

Kutalika ndi liwiro

Tiwerengere pang'ono. Liwu la foni pa liwiro lake la nthawi zonse limatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, ngati mmene munthu amayankhulira. Masamba 14 aja anali ndi mawu pafupifupi 4,500, kutanthauza mphindi 30. Kuwerenga ndi maso n'kofulumira kuposa pamenepo. Mu 2019, Marc Brysbaert wa ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 190 n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amadutsa mawu pafupifupi 238 pa mphindi pa nkhani zosakhala zopeka. Ndiye kumvetsera sikupulumutsa nthawi. Phindu lake n'lakuti kumatola nthawi imene ikanangotayika, ya pamakina kapena pamtsinje, imene simukanatha kugwira buku.

Podziwa zimenezi ambiri amathamangira kukweza liwiro. Ena amatchula kafukufuku wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles wa mu 2021, amene anapeza kuti ophunzira oonera maphunziro a pakanema pa liwiro lowirikiza kawiri sanataye zambiri poyerekeza ndi anzawo, ndipo kumva kunayamba kutsika liwiro litapitirira pamenepo. Zimenezo n'zoona, koma ophunzira aja anali atakhala phee, akuona ndi zithunzi zomwe, opanda singano pafupi ndi chala. Kwa munthu amene akugwira ntchito, amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu, ndipo mutuwo uli ndi mawu achilendo, ine ndimati ayambire pa liwiro la nthawi zonse kapena kutsikirapo pang'ono. Akweze pokhapokha akamva mutu womwewo kachitatu kapena kachinayi, pamene wayamba kudziwiratu chiganizo chotsatira. Ayesenso maliwu angapo. Pa Android pali Chingerezi cha ku Britain, cha ku India ndi cha ku Nigeria, ndipo Edge ili ndi cha ku Kenya, Tanzania ndi South Africa ngakhale maliwu amenewa amafuna intaneti. Mlamu wanga liwu la ku America linkamumezera mawu. Atasintha n'kuika la ku Britain anati uyu ndiye akuyankhula ngati aphunzitsi.

Mphindi 30 zonse pakamodzi n'zambiri. Pakhonde la telala sipatha mphindi khumi popanda wopereka moni, ndipo ukabwerera kukhutu umapeza liwu lapita kutali. Tinaudula mutuwo m'zigawo zinayi za mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, chilichonse fayilo yakeyake yokhala ndi dzina lomveka. Chigawo chimodzi chimakwanira bwino mpendero wa chitenje chimodzi kapena ziwiri. Akasokonezedwa, amangoyambiranso chigawocho, osataya nthawi kufufuza pamene analekezera.

Kumva si kudziwa

Pali msampha umene ndinagwamo ine ndemwe ndi nkhani zanga za m'nyuzipepala. Chinthu ukachimva kangapo chimayamba kumveka chachizolowezi, ndipo mtima umakunamiza kuti wachidziwa. Liwu likayamba chiganizo, iwe umagwedeza mutu. Koma wina akazimitsa foni n'kukufunsa kuti fotokoza, pakamwa pamauma. M'chipinda cha mayeso mulibe liwu loyamba chiganizo.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku yunivesite ya Washington ku St. Louis anayesa zimenezi. Anapatsa ophunzira ndime yoti aphunzire. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza m'zigawo zinayi. Lina linaiwerenga m'chigawo chimodzi chokha, kenako katatu konse n'kumayesa kulemba zimene likukumbukira osayang'ana. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja anapambana. Patapita sabata zinatembenuka: obwereza anakumbukira 40 pa 100 iliyonse, odzifunsa aja 61. Chodabwitsa n'chakuti obwerezawo ndi amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti adzakumbukira.

Kumvetsera foni uku ukugwira ntchito ndi kubwereza kwa mtundu womwewo, mwinanso kofooka kuposa pamenepo. Njira yokupatsira mano ndi kusandutsa gawo lina la manotsi kukhala mafunso. Mlamu wanga anapanga fayilo yachisanu ya mafunso 40, lililonse lotsatiridwa ndi yankho lake. Chovuta chinali chakuti foni siidikira. Ikangofunsa imayankha yokha, ngati mphunzitsi wopupuluma. Pafoni tinachita kubera: funso lililonse analilemba katatu motsatizana, kuti pamene likubwerezedwa iye akhale akuyankha chapansipansi. Pakompyuta ya Windows pali njira yaudongo. Pulogalamu yaulere yotchedwa Balabolka imalola kuika mpata wa chete pakati pa funso ndi yankho polemba kachizindikiro aka, kamene maliwu a Windows amakamvera:

```
<silence msec="6000"/>
```

Nambalayo ikutanthauza masekondi asanu ndi limodzi. Balabolka ili ndi ubwino winanso umene kuno kwathu ndi waukulu: pa File, kenako Save Audio File, imasunga kuwerenga konseko ngati fayilo ya mp3. Mphindi 30 za mawu, pa mlingo wa 64 kbps umene ndi wokwanira liwu la munthu, zimatenga mamegabaiti pafupifupi 14. Fayilo imeneyo ingaikidwe pa memori khadi n'kumaseweredwa pa kafoni ka mabatani kapena pa kawailesi kolowa khadi, batire lake lotha masiku, magetsi azime asazime. Mmodzi m'kalasi akapanga, onse angagawane. Koma bwererani ku zimene ndanena kale: wolembayo ndi amene amapindula kwambiri.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda? Chigawo chikatha, musayatse chotsatira. Tchulani mokweza mfundo zitatu zimene mwamva, m'mawu anuanu, m'Chichewa ngati mukufuna. Zikatuluka, pitirizani. Zikakana kawiri motsatizana, ndiye kuti mwina ntchito imene mukugwira ikudya mawu, kapena liwiro lakwera, kapena mutuwo ndi wachilendo moti ukufunika kuyamba mwaukhalira pansi ndi maso. Yang'ananinso ntchito ya manja anu. Msoko ukayamba kukhota, kapena mukapeza kuti mwaima simbi ili m'mwamba, ndiye kuti khutu lalanda zonse, ndipo bwana kapena kasitomala ndi amene akulipira maphunziro anu osadziwa.

Nkhani zazitali zongofuna kudziwa zimene zikuchitika n'zosavuta kuposa manotsi, chifukwa zinalembedwa m'ziganizo zoyenda ndipo palibe adzakufunseni mayeso. Chimene chimatayika ndi mayina ndi manambala. Dzina lachilendo umalimva koma sudziwa kalembedwe kake, ndipo nambala yayitali imasungunuka isanathe kutchulidwa. Ine ndikamva mfundo imene ndidzaifune, ndimaimitsa, n'kujambula sikirini pamene liwu lafika, kuti madzulo ndibwererepo ndi maso.

Nanga Chichewa?

Mlamu wanga akulembanso phunziro la Chichewa, ndipo anafuna kuti foni imuwerengere manotsi a malamulo a chiyankhulo. Apa m'pamene timaona kuti zipangizozi sizinapangidwe potiganizira. Pa mndandanda wa maliwu a mafoni amene ali m'manja mwa anthu ambiri, Chichewa palibe. Mukapatsa liwu la Chingerezi ndime ya Chichewa mumaseka mpaka misozi: phala limasanduka fala, phiri n'kukhala firi, ndipo likafika pa ng'ombe limachita ngati latsamwa.

Njira yozembera ndi kusankha liwu la Chiswahili, ngati foni kapena kompyuta yanu ili nalo. Limayesetsa ndithu, chifukwa malembo a liwu asanu aja timawatchula mofanana, ng' ndi ny akuwadziwa, ndipo nawonso amatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu. Koma lili ndi malire ake. M'Chiswahili th amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, ndiye thupi ndi nthawi zimamveka ngati akutchula mwana woguluka mano. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kwa ife kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kulibeko. Munthu amamva ndithu zimene zikunenedwa, koma ubongo umagwira ntchito yowonjezera yokonza katchulidwe, ndipo ntchito imeneyo imachitikira m'kankhokwe kakang'ono komwe kaja. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa maliwu a makina a ziyankhulo zoposa 1,100, Chichewa chili pomwepo, ophunzitsidwa makamaka kuchokera ku mawu ojambulidwa a anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Koma amenewo ndi a anthu odziwa kulemba mapulogalamu, si chinthu chimene telala angangodina mu Settings.

Pa Chichewa, tsono, ine ndinamulangiza njira yachikale. Foni iliyonse ili ndi chojambulira mawu. Awerenge yekha manotsiwo mokweza kamodzi, ajambule, azimvetsera liwu lake lomwe. Anayamba wakana, ati liwu lake limamunyansa. Mwana wake wa Sitandade 7 ndiye anamuwerengera, ndipo fayilo imeneyo ndi imene amaikonda kuposa onse.

Mawu amodzi okhudza makutu enieniwo. Pamalo aphokoso munthu amakweza voliyumu osazindikira, ndipo amene akumvetsera maola asanu tsiku lililonse ali pa chiopsezo kuposa womvera nyimbo ziwiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda kuvulaza makutu, koma likafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola anayi okha. Palibe amayenda ndi choyezera, ndiye gwiritsani ntchito chizindikiro ichi: ngati munthu amene waima pafupi nanu akuchita kukuwa kuti mumumve, mwakweza kwambiri. Valani hedifoni khutu limodzi, linalo likhale la makasitomala, la mwana ndi la galimoto. Phokoso likachuluka moti liwu silikumveka pa voliyumu yapakati, zimitsani, nthawi imeneyo si yake.

Ndinadutsa ku Lunzu Loweruka lapitali. Ndinamupeza akupenderera zitenje za amayi a kwaya, kawaya kakutsika kuchokera kukhutu lakumanzere kulowa m'thumba la epuloni, milomo ikugwedera pang'onopang'ono kuyankha mafunso amene ine sindinkawamva. Kenako kunabwera mayi ndi mtsikana wofuna diresi. Mlamu wanga anachotsa kawayako, kukakoleka pakhosi pa makina, n'kutenga tepi yoyezera.

"Mwazimitsa sukulu, alamu?" ndinamufunsa.

"Ndikagwira tepi, aphunzitsi amakhala chete," anatero, akulemba nambala m'kabuku. "Siketi ija ndinalipira ndi ndalama zanga."

Masamu sanawaike n'komwe m'foni. Amenewo amawachita usiku patebulo, ndi pensulo.